Laputopu inazima ntchito ya C isanathe: mmene ndinapemphera nthawi kwa alekichala

Ntchito yake inali labu yachinayi pa kosi ya C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Anatiuza kulemba pulogalamu yowerenga mayina ndi malikisi a ophunzira kuchokera mu fayilo, n'kuwasunga mu mndandanda wolumikizidwa ndi mapoyinta. Pulogalamuyo inkayenera kutha kuwonjezera munthu, kuchotsa munthu, kusanja mndandanda motsatira malikisi, kenako kulembanso zonse mu fayilo. Pamwamba pa izo pankafunika lipoti lalifupi losonyeza mmene taiyesera. Tsiku lomaliza linali Lachisanu, 11:59 usiku, pa tsamba la sukulu lomwe timaperekerapo ntchito. Lamulo la kosiyo linkati ukachedwa tsiku limodzi akuchotsera malikisi 10 pa 100 alionse, ndipo akadutsa masiku atatu salandiranso.

Lachiwiri usiku ndinali pa gawo lochotsa munthu mu mndandanda. Sikirini inangothima. Panalibe phokoso kapena uthenga ulionse. Nditakanikiza batani loyatsira, fani inazungulira pang'ono n'kusiya, kanyali ka chaja kakuphethira. Ndinachotsa chaja, n'kugwira batani kwa nthawi yaitali monga ena amanenera, ndinabwerekanso chaja ya mnzanga, koma osatheka. Chimene chinandithyola m'nkhongono si kuzima kwa makinawo ayi, koma kukumbukira kuti khodi yonse inali mmenemo basi. Mu fulashi munalibe, pa imelo panalibe, pena paliponse panalibe.

Lachitatu m'mawa ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta. Anaiyang'ana n'kunena kuti, "Isiyeni, mubwere mawa, mwina ndi kanthu kakang'ono." Mawu akuti kanthu kakang'onowo ndinawagwira ndi manja awiri. Tsiku lonse ndinkadziuza kuti palibe chifukwa chovutitsira alekichala pa nkhani yoti mawa itha. Mumtima munalinso manyazi, poti nkhani ya kompyuta kuwonongeka tsiku lopereka ntchito litayandikira aphunzitsi anatopa nayo, ndipo ndinkaopa kuoneka ngati wopeka. Pakadafunda padajiwitsa galu. Lachitatu lija ndi limene ndikanatumiza kauthenga ka mizere itatu kongowadziwitsa kuti makina azima, ali kwa wokonza, ndipo ndiwauza mawa ngati ndingafune nthawi. Kauthenga kotero sikapempha kanthu, koma kamasiya umboni wa tsiku limene vuto linayamba, tsiku lomaliza lisanafike pakhomo. Munthu amene wanena vuto lake kutatsala masiku amamveka mosiyana ndi amene walinena kutatsala maola.

Lachinayi masana wokonza uja anandiuza zoona zake. Mbali ya bolodi yaikulu yomwe imagawa magetsi inali itapsa, chipangizo chofunika analibe, ndipo kuchiitanitsa kunkatenga sabata kapena kuposa. Ndinatuluka miyendo ili lende, n'kukhala pansi panja pomwepo, n'kulemba imelo pa foni mtima ukugunda.

Imelo yoyambayo ndiifotokoze bwino chifukwa ambiri amalemba yotere. Mutu wake unali wakuti "Chonde thandizo". Ndinaitumiza kuchokera pa adiresi yanga wamba, osati ya sukulu. Mkati munali nkhani yonse ya fani ndi chaja, kupepesa kobwerezabwereza, kulonjeza kuti ndine wolimbikira, ndipo inathera pa mawu akuti andithandize mwa njira iliyonse imene angathe. Sindinatchule gulu langa la labu, nambala yanga ya sukulu, pamene ntchito inafika, ngakhale tsiku limene ndinkafuna. Inali kalata yodandaula, koma munalibe funso loti munthu angayankhe kuti inde kapena ayi.

Yankho linabwera Lachisanu m'mawa, lalifupi: "Pepani ndi vutoli. Muli gulu liti? Ntchito mwafika nayo pati? Mukufuna mpaka liti? Tumizaninso kuchokera pa adiresi ya sukulu." Nditawerenga ndinamva ngati andikankha, koma nditakhazika mtima pansi ndinaona kuti sanakane. Ankangofunsa zimene sakanatha kugamula popanda kuzidziwa. Lekichala amakhala ndi ophunzira ambiri ndi makosi angapo, ndipo sangayambe kufufuza m'kaundula kuti mwini adiresi yachilendoyi ndani. Imelo yosakwanira ija inandidyera madzulo a Lachinayi ndi usiku wonse, pa nthawi imene ola lililonse linali lamtengo.

Komabe madzulo a Lachinayi aja sanapite pachabe, chifukwa cha mnzanga wa chaka chapamwamba amene anandifunsa funso limene ine sindinaliganize: "Iwe, chapsa ndi bolodi kapena disiki?" Laputopu ikakana kuyaka sizitanthauza kuti mafayilo apita. Mafayilo amakhala pa disiki, ndipo pa makina ambiri disikiyo imachoka. Yanga inali kamtundu ka M.2, kathyathyathya, kogwidwa ndi kasikuluwu kamodzi. Tinabwerera kwa wokonza uja, anaichotsa, ine n'kugula kabokosi kolowetsamo disiki kuti iziwerengeka pa USB ngati fulashi. Pogula kabokosika muzifunsa kaye ngati disiki yanu ndi ya NVMe kapena ya SATA, chifukwa zonse ziwiri zimapezeka m'maonekedwe a M.2 koma si kabokosi kalikonse kamene kamawerenga mitundu yonse. Pali malaputopu ena opyapyala omwe chosungira mafayilo chinamatidwa pa bolodi, ndipo kwa amenewo njira imeneyi siigwira. N'chifukwa chake funso loyamba kwa wokonza lizikhala lakuti, "Kodi disiki ingachoke lero?" osati lakuti makina atha liti.

Titailumikiza pa kompyuta ya mnzangayo, inakana kutseguka. Inafuna nambala yotsegulira ya manambala 48 ya BitLocker, pulogalamu ya Windows yokhoma disiki. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti disiki yanga inali yokhoma, koma pa malaputopu ambiri a Windows kukhomaku kumayatsidwa kokha ukalowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo nambalayo imasungidwa mu akauntimo. Ndinalowa mu akaunti yanga pa foni, n'kuipeza pa gawo la zipangizo. Ndinailemba pang'onopang'ono, magulu asanu ndi atatu a manambala asanu ndi limodzi, manja akunjenjemera. Foda itatseguka n'kuona `lab4.c` ili pomwepo, ndinatsala pang'ono kulira. Zimene ndinalemba mphindi zomaliza makina asanazime zinali zitapita poti ndinali ndisanasunge, koma zina zonse zinalipo. Usiku womwewo ndinaikopera mu fulashi n'kudzitumiziranso pa imelo.

Ndinagona ndikuganiza kuti nkhondo yatha, kwatsala kungomalizitsa. Lachisanu m'mawa, nditangowerenga yankho la alekichala, ndinapita ku labu ndisanawayankhe. Chimenechi ndi chinthu chimodzi chomwe ndinachita bwino, chifukwa ndikanayankha nthawi yomweyo ndikanapempha tsiku limodzi lokha, n'kudzikola ndekha.

Makompyuta a ku labu ndi a Linux, ndipo malangizo a ntchito ankanena kuti adzaiyesa pa makina amenewo. Ndinalemba:

```
gcc -std=c11 -Wall -Wextra -g lab4.c -o lab4
```

Yankho linabwera nthawi yomweyo:

```
fatal error: conio.h: No such file or directory
```

Pa laputopu yanga ndinkagwiritsa ntchito `getch()` kuti pulogalamu idikire munthu akanikize batani. Imeneyi si ya C yovomerezeka paliponse, ndi ya makompayila a ku Windows ndi DOS. Ndinachotsa `conio.h`, n'kusintha malo onse amene ndinaigwiritsa ntchito. Limeneli linali vuto laling'ono. Lalikulu linabwera pulogalamu itayamba kuyenda. Inawerenga fayilo bwinobwino, koma nditawonjezera munthu n'kupempha kuti ionetse mndandanda, inasindikiza mayina onse kenako n'kugwa ndi `Segmentation fault`. Khodi yomweyo imene inkayenda pa makina anga osadandaula.

Wothandizira ku labu anabwera, n'kuyang'ana pa sikirini, n'kunena kuti, "Musamalote, ifunseni valgrind." Imeneyi ndi pulogalamu yofufuza zolakwika pa kagwiritsidwe ntchito ka memori. Tinalemba `valgrind ./lab4`, ndipo pakati pa zambiri zimene inatulutsa panali mzere uwu:

```
Conditional jump or move depends on uninitialised value(s)
```

Unkaloza pa lupu yoyenda mu mndandanda, pomwe pulogalamu imafunsa ngati yafika kumapeto. Titabwerera ku fankishoni yowonjezera munthu tinapeza izi:

```c
struct node *p = malloc(sizeof *p);
strcpy(p->name, name);
p->mark = mark;
tail->next = p;
tail = p;
```

Palibe pamene ndinalemba `p->next = NULL;`. Memori imene `malloc` imakupatsa siitsukidwa, imabwera ndi chilichonse chimene chinatsalamo. Pa laputopu yanga zinkangochitika mwamwayi kuti malowo ankakhala ndi ziro, ndiye lupu inkaona ngati yafika kumapeto n'kuima. Pa makina a ku labu malowo anali ndi zotsalira za ntchito ina, lupu n'kuzitenga ngati adiresi yeniyeni, n'kupita kukawerenga kumene sikuloledwa. Cholakwikacho chinalimo kuyambira kale, kungoti makina anga ankachibisa. Kukonza kwake kunali mzere umodzi, koma kuti tichipeze panapita pafupifupi m'mawa wonse.

Apa m'pamene ndinazindikira nthawi imene ndinkafunikadi. Munthu amene makina ake awonongeka sataya masiku amene anakhala wopanda makina okha. Amatayanso nthawi yozolowera makina ena, kompayila ina, ndi zolakwika zimene zimayamba kuonekera kumeneko. Ndinatenga pepala n'kulemba zimene zinatsala. Kuwerenga fayilo, kuwonjezera ndi kuonetsa zinali zitatha. Kuchotsa kunkagwira pakati ndi kumapeto kwa mndandanda koma kunkagwa ukachotsa munthu woyamba, ndipo ndinakupatsa maola awiri. Kusanja ndinali ndisanayambe, maola atatu. Kulemba mu fayilo maola awiri, kuyesa ndi lipoti maola atatu. Zonse pamodzi maola 10. Potengera zimene zinali zitangondichitikira, ndinawirikiza kawiri kukhala 20, chifukwa pa C ya mapoyinta kufufuza cholakwika kumatenga nthawi yofanana ndi kulemba, mwinanso kuposa. Kenako ndinaika maolawo pa nthawi imene ndikanakhaladi pa kompyuta. Labu inkatsekedwa madzulo, Loweruka inkatsegulidwa theka la tsiku, Lamlungu ayi. Kuwerengera kumeneko kunandifikitsa Lachiwiri.

Imelo yachiwiri ndinailemba pa kompyuta ya ku labu, kuchokera pa adiresi ya sukulu, ndipo uthenga wa alekichala ndinaukopera m'munsi kuti asavutike kukumbukira. Pa mutu ndinaika mawu akuti pempho lowonjezera nthawi, dzina la kosi, labu yachinayi, gulu langa ndi nambala yanga. Mkati munali izi:

"Aphunzitsi,

Zikomo poyankha uthenga wanga wa dzulo. Ndikupempha kuti mundilole kupereka labu yachinayi Lachiwiri pofika 5 koloko madzulo, m'malo mwa lero 11:59 usiku.

Laputopu yanga inazima Lachiwiri usiku. Wokonza anatsimikiza dzulo kuti bolodi yapsa ndipo sikonzeka sabata ino. Ndaphatikiza chithunzi cha lisiti lake losonyeza tsiku limene ndinaisiya. Mafayilo ndinawapulumutsa pa disiki dzulo madzulo.

Kuwerenga fayilo, kuwonjezera ndi kuonetsa mndandanda zatha ndipo zikuyenda pa makina a ku labu. Kuchotsa kukugwa pa munthu woyamba. Kusanja, kulemba mu fayilo ndi lipoti sindinayambe. Ndaphatikiza khodiyo mmene ilili panopa. Ndigwiritsa ntchito makompyuta a ku labu lero, mawa ndi Lolemba.

Ngati Lachiwiri n'kosatheka, ndilandira tsiku lililonse limene mungandipatse. Ngati pali fomu yofunika kudzaza ku dipatimenti, mundiuze ndikadzaze lero. Pakadali pano ndiika zimene ndili nazo pa tsamba nthawi isanakwane.

Ine wophunzira wanu,"

Pansi ndinaika dzina, nambala ndi gulu.

Pempho ndinaliika m'chiganizo chachiwiri mwadala, kuti ngakhale munthu atawerenga pa foni ali paulendo wopita m'kalasi, adziwe chimene ndikufuna asanafike pakati. Nkhani ya fani ndi chaja ndinaichotsa yonse, chifukwa alekichala sakonza makompyuta. Chimene amafuna kudziwa ndi tsiku limene vuto linayamba ndi ngati pali chosonyeza. Lisiti lija ndinachita kubwerera kukapempha, poti tsiku loyamba wokonza sanandipatse kanthu. Mukamasiya makina muzipempha kapepala kokhala ndi tsiku, dzina lanu ndi vuto lake. Ngati palibe, ngakhale uthenga wa pa foni wochokera kwa wokonza ungathandize.

Koma pa zonse zimene ndinaphatikiza, ndikukhulupirira kuti chimene chinalemera kwambiri ndi khodi yosatha ija. Lisiti limangosonyeza kuti makina anawonongeka. Silisonyeza kuti munthu anali atayamba ntchito. Funso lenileni limene lekichala amakhala nalo mumtima ndi lakuti, kodi uyu wachedwa chifukwa cha laputopu, kapena laputopu yangomupezera ponamizira? Mizere ya khodi yoti akhoza kuitsegula n'kuiyendetsa imayankha funsolo popanda kulumbira. Kutchula poyera kuti gawo lakuti likugwa ndipo gawo lakuti sindinayambe kunandivuta, chifukwa munthu umafuna kuoneka ngati watsala pang'ono. Koma ukanena kuti kwatsala pang'ono, n'kupempha masiku anayi, mawu ako amatsutsana okha.

Ena adzafunsa kuti nanga mafayilo akanapanda kupulumuka? Pamenepo imeloyo iyenera kunena zoona kuti mukuyambiranso, n'kusonyeza chilichonse chimene chilipo: pepala lomwe munajambulapo mndandanda ndi mivi ya mapoyinta, chithunzi cha sikirini chimene munatumizira mnzanu pofunsa za uthenga wa kompayila, kapena siginecha ya wothandizira ku labu pa gawo limene anaona. Chimene musachite n'kutumiza fayilo yowonongeka dala kuti mugule nthawi. Fayilo ya C ndi malemba wamba, imatseguka paliponse, ndipo aphunzitsi a makompyuta amachidziwa bwino chinyengo chimenecho.

Yankho linafika masana. Anandipatsa mpaka Lolemba 12 koloko masana, osati Lachiwiri, popanda kundichotsera malikisi. Anafotokozanso chifukwa chake: Lolemba masana, pa labu ya gulu loyamba, ankakambirana mayankho a ntchito yomweyo, ndiye aliyense wopereka pambuyo pake akhoza kukhala ataona mayankho. Zimenezi sindinaziganizepo. Nthawi imene lekichala angakuwonjezere ili ndi malire amene sachokera pa chifundo chake. Imathera pa tsiku lotulutsa mayankho, tsiku lobweza malikisi, kapena pomwe labu yotsatira imayambira pa yapitayi. Ndikanayang'ana ndondomeko ya kosi ndisanalembe, ndikanapempha Lolemba m'mawa ndekha. Mtima unatsika, koma unatsika theka, chifukwa maola anga 20 aja tsopano sankakwana.

Usiku umenewo, nthawi isanakwane, ndinaika khodi yosathayo pa tsamba monga ndinalonjezera. Ndikanachita zimenezi ngakhale yankho likanakhala lisanabwere. Kutumiza imelo si kulandira chilolezo, ndipo lekichala akakhala chete tsiku lomaliza limakhala lomwe lija. Ntchito yosatha yoperekedwa pa nthawi yake imapeza malikisi ena, pamene yodikira yankho limene silinabwere ikhoza kupeza chilango chonse.

Loweruka ndinakhala ku labu mpaka potseka. Vuto la kuchotsa munthu woyamba linali lakuti fankishoni inkalandira kope ya poyinta ya mutu wa mndandanda, ndiye ikasintha mutuwo, `main` inkatsala ikuloza malo amene ndawamasula kale ndi `free`. Ndinasintha kuti izilandira `struct node **head`, zinthu n'kuyenda. Kusanja ndinachita m'njira yosavuta yolowetsa munthu aliyense pamalo pake mu mndandanda watsopano. Si yachangu, koma malangizo sanafune yachangu, ndipo sinali nthawi yodzionetsa.

Lamlungu ndinafunika makina obwereka. Mnzanga wa m'kalasi mwathu anadzipereka: "Tenga yanga aise, ine ndapereka kale." Ndinamuthokoza koma ndinakana, ndipo anakhumudwa pang'ono mpaka nditamufotokozera. Pa laputopu yakeyo panali yankho lake lonse la labu yomweyo. Ngakhale ndikanapanda kulitsegula, pakanapezeka kufanana kulikonse pakati pa khodi yathu, nkhani yoti ndinamalizira pa makina ake, nditapatsidwanso nthawi yowonjezera, ikanatipweteka tonse awiri. Masukulu ambiri amayendetsa khodi ya ophunzira pa mapulogalamu ofufuza kufanana, omwe sapusitsidwa ndi kusintha mayina a zinthu. Ndinabwereka kwa wina wophunzira maphunziro ena, amene anandilola kuikapo kompayila. Makina akewo anali a Windows, kumene valgrind siiyenda, choncho zonse zimene ndinalemba Lamlungu ndinkadziwa kuti ndiyenera kukaziyesanso ku labu.

Lolemba ndinafika ku labu potsegula. Gawo lolemba mu fayilo linkayenda, valgrind inasonyeza memori ina yosamasulidwa potuluka, ndinakonza, n'kumalizitsa lipoti mothamanga. Itatsala pang'ono 12 koloko ndinatsegula tsamba kuti ndiike ntchito yomaliza, n'kupeza batani losinthira zimene ndinapereka kulibe. Tsambalo linkadziwa tsiku la Lachisanu lokha. Chilolezo changa chinali mu imelo, koma pa tsamba panalibe amene anasintha. Ndinamva thukuta lozizira kumsana. Ku ofesi ya alekichala kunali kotseka, anali m'kalasi.

Ndinajambula sikirini yosonyeza tsamba lotsekalo pamodzi ndi nthawi, ndinamanga khodi ndi lipoti mu fayilo imodzi ya `zip`, n'kutumiza poyankha imelo yomwe ija imene munali chilolezo chawo. Ndinalemba mizere iwiri yokha, kuti tsamba likukana, ntchito ndi iyi, ndipo ndidzaiikanso pa tsamba osasintha kanthu akadzalitsegula. Imeloyo inachoka 12 koloko isanakwane. Madzulo anayankha kuti alandira, atsegula tsamba, ndiikepo mafayilo omwewo. Tsiku limene mwapatsidwa nthawi, poyankha kuthokoza, muzifunsa pomwepo kuti, "Kodi ndidzapereke pa tsamba kapena pa imelo?" Kenako mutsegule tsambalo muone ngati tsiku lasinthadi, nthawi ikadalipo yoti wina akonze.

Malikisi atabwera ndinapeza kuti chilango chochedwa panalibedi. Ndinataya ena pa zifukwa zina. Pulogalamu yanga sinkaona ngati `fopen` yalephera polemba fayilo, ndipo lipoti linali ndi mayeso ochepa, lopanda mayeso a fayilo yopanda kanthu ndi a dzina lalitali kuposa malo amene ndinasungira. Pa `strcpy` yomwe ija alekichala analemba ndemanga kuti dzina lalitali likanasefukira kunja kwa malo ake. Zonsezi zinali za m'maola amene anadulidwa pakati pa Lachiwiri limene ndinapempha ndi Lolemba limene ndinapatsidwa. Panalinso mtengo wina umene sunalembedwe pa pepala la labu: mayeso a kosi ina a sabata yomweyo ndinalemba ndisanawerenge mokwanira, ndipo kukonzetsa bolodi pamodzi ndi kabokosi ka disiki kunadya ndalama zimene ndinkayenera kukhalira mwezi wonse. Laputopu inabwera patapita nthawi yaitali kuposa imene wokonza ananena, moti labu yachisanu yonse ndinaichitira pa makompyuta a sukulu.

Pa labu yachisanuyo wothandizira uja anandikhazika pansi n'kundionetsa `git`, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za khodi. Tinatsegula nkhokwe yachinsinsi pa intaneti, osati yoonekera kwa aliyense, chifukwa khodi ya ntchito ya m'kalasi ikakhala poyera wina akhoza kuikopa, mlandu n'kugwera nonse. Kuyambira pamenepo, fankishoni iliyonse ikayamba kuyenda ndimalemba:

```
git add .
git commit -m "kuchotsa kukuyenda"
git push
```

Lamulo lachitatulo ndi limene limatulutsa khodi m'makina. Awiri oyambawo amangosunga pa disiki yomweyo, ndiye makina akazima musanalembe `git push`, zonse zimatsekeredwa mkati limodzi ndi mafayilo ena. Mbiri imene `git log` imaonetsa ili ndi tsiku ndi nthawi ya gawo lililonse, ndipo mnzanga wina amene makina ake anabedwa semesita yotsatira anaphatikiza mbiri imeneyo pa imelo yake yopempha nthawi, m'malo mwa lisiti limene iye sakanatha kukhala nalo.